Kuchedwetsa ndi kufulumizitsa gawo la kanema wa pa ukwati popanda kumuononga

Pa Ulongwe ndi m'midzi yozungulira kwa Kalembo, ukwati sudutsa wopanda mafoni angapo ojambula. Ukatha mwambo, wachinyamata mmodzi pabanjapo amapatsidwa ntchito yodula tizigawo toti titumizidwe kwa achibale a ku Mangochi, ku Blantyre kapena ku Joni, ndipo kagawo komwe aliyense amafuna ndi ka perekaniperekani. Pempho limakhala lakuti pomwe azakhali akuyenda kuchokera kumbuyo pathamange, koma pomwe akuponya ndalama payende pang'onopang'ono ngati m'mafilimu. Zimenezi zimatheka pa foni wamba. Chomwe chimasiyanitsa kanema wosalala ndi wodumphadumpha, kapena wa manja opindika ngati osungunuka, ndi kuchuluka kwa zithunzi zomwe kamera inajambuladi. Pulogalamu yodulira kanema singabweze chomwe kamera sinaone. Imangopeka, ndipo kupekako kuli ndi malire omwe ndi bwino kuwadziwa musanayambe.

Yambani ndi kuwerenga zithunzi

Kanema ndi mndandanda wa zithunzi zoima zomwe zimadutsa motsatizana mofulumira. Mafoni ambiri, akangochoka m'sitolo, amajambula zithunzi 30 pa sekondi iliyonse, ndipo pa sikirini amalemba kuti `30fps`. Mafilimu a m'makanema akuluakulu amayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi. Zikachepa kwambiri kuposa pamenepo, diso limayamba kuona chithunzi chilichonse pachokha, ndiye kuyenda kwa munthu kumaoneka kodukizadukiza.

Kuchedwetsa kanema ndi kutambasula zithunzi zomwezo kuti zitenge nthawi yaitali. Tiyerekeze kuti azakhali atenga masekondi awiri kukweza mkono ndi kumwaza ndalama. Pa `30fps`, masekondi awiriwo ali ndi zithunzi 60. Mukaika liwiro pa `0.5x`, gawolo litenga masekondi anayi, ndipo masekondi anayi amafuna zithunzi 120. Inu muli ndi 60 zokha, kotero zina 60 ziyenera kuchokera kwina. Mukatsitsa kufika pa `0.25x`, pafunika zithunzi 240, ndipo pa zinayi zilizonse zitatu zikhala zosajambulidwa ndi kamera. Pa `0.1x`, chithunzi chenicheni chimakhala chimodzi pa khumi. Zili ngati kuthira madzi mu msuzi kuti ukwanire alendo: kapu imodzi palibe angadziwe, koma mukapitiriza, mphika umadzaza pomwe kukoma kwathawa.

Tsopano onani kusiyana kwake ngati masekondi awiri omwewo anajambulidwa pa `60fps`. Muli zithunzi 120, zokwanira ndendende masekondi anayi, popanda chopeka ngakhale chimodzi. Pa `120fps` mutha kufika pa `0.25x` zithunzi zonse zili zenizeni, ndipo pa `240fps` mutha kuchedwetsa kasanu ndi katatu. Lamulo lake ndi losavuta kukumbukira: gawani 30 ndi nambala yomwe munajambulira. Yankho lake ndiye liwiro lotsikitsitsa lomwe mungafike osapempha foni kuti ikupekereni kanthu.

Musanadule chilichonse, tsegulani kanemayo m'malo osungira zithunzi, mupeze pomwe alemba `Details` kapena `Info`. Mafoni ena amaonetsa nambalayi pamenepo. Ngati yanu sionetsa, funsani amene anajambula kuti kamera yake inali pa chiyani.

Njira zitatu zodzazira mipata

Zithunzi zikaperewera, pulogalamu ili ndi njira zitatu, ndipo iliyonse imasiya chizindikiro chake.

Yoyamba ndi kubwereza. Chithunzi chilichonse chimaonetsedwa kawiri kapena kanayi chisanabwere chotsatira. Palibe chomwe chimapindika, nkhope zimakhala momwe zinalili, koma kuyenda kumadumpha. Mapulogalamu ambiri amachita zimenezi mukapanda kusankha china.

Yachiwiri ndi kusakaniza, komwe pa sikirini kumalembedwa `Frame blending`. Pulogalamu imasanjikiza chithunzi cham'mbuyo ndi cham'tsogolo, chilichonse chikuoneka mwatheka. Kudumpha kumachepa, koma mukaimika kanemayo muona mkono uli pawiri, wina wotuwa pambali pa unzake.

Yachitatu ndi kupeka zithunzi zatsopano, yomwe dzina lake pa sikirini ndi `Optical flow`. Apa pulogalamu imayang'ana zithunzi ziwiri zoyandikana, n'kufufuza kuti kadontho kalikonse ka m'chithunzi choyamba kapita pati m'chachiwiri. Ikapeza kuti chigongono chasuntha kuchoka apa kufika apo, imajambula chithunzi chatsopano chigongonocho chili pakatikati. Masamu ake si atsopano. Mu 1981, Berthold Horn ndi Brian Schunck anasindikiza njira yowerengera kayendedwe ka timadontho, ndipo chaka chomwecho Bruce Lucas ndi Takeo Kanade anasindikiza ina. Masiku ano mapulogalamu ena amaonjezerapo makina ophunzitsidwa ndi makanema ambirimbiri, ndipo amapeka bwino kuposa kale. Komabe maziko ake sanasinthe: kupekako kumayenda bwino ngati chinthu chikuoneka m'zithunzi zonse ziwiri, sichinasinthe maonekedwe, ndipo changosuntha pang'ono. Chimodzi mwa zitatuzi chikasowa, mavuto amayamba.

Zoti muchite pa tsiku lojambula

Ntchito yaikulu imathera pa tsiku la ukwati, osati pa tsiku lodula. Ngati kamera ya foni yanu ili ndi `60fps`, isankheni musanayambe kujambula perekaniperekani. Ubwino wake ndi wakuti imajambula ndi mawu omwe, ndipo mutha kuionetsa pa liwiro lachibadwa kapena kuichedwetsa mwatheka momwe mwafunira. Dziwani kuti imadya malo ambiri kuposa `30fps`, choncho chotsani zosafunika m'foni dzulo lake. Pomwe alemba `Slow motion` nthawi zambiri pamajambula `120fps` kapena `240fps`, koma pa mafoni otsika mtengo chithunzi chimachepa kuoneka bwino ndipo mwina mawu sajambulidwa. Gwiritsani ntchito pamenepo pa tizigawo tifupitifupi tomwe mwakonzekera.

Kuwala ndi nkhani yachiwiri. Pa `30fps`, chithunzi chilichonse chingalandire kuwala kwa nthawi yosaposa gawo limodzi mwa magawo 30 a sekondi. Pa `120fps` nthawiyo imachepa kanayi. Panja masana, pa dzuwa la m'chigwa cha Shire, palibe vuto, ndipo ndalama iliyonse imaoneka bwinobwino ili m'malere. Koma m'holo ya mawindo ochepa, kapena pansi pa tenti dzuwa likupendeka, foni imakakamizika kukweza mphamvu yake yoonera, ndiye kanema amatuluka wamdima, wodzaza timadontho ngati mchenga. Pa `30fps` mumdima vuto limakhala lina: foni imatalikitsa nthawi yolandira kuwala, mkono woyenda n'kukhala wachimbuuzi m'chithunzi chilichonse, ndipo mafoni ena amachepetsa okha chiwerengero cha zithunzi. Chimbuuzi chimenecho sichichoka pochedwetsa, chimangoonekera nthawi yaitali. Ngati mungathe, imani pomwe kuwala kukuchokera kumbuyo kwanu n'kumagwera pa ovina.

Palinso vuto la magetsi. Magetsi a ESCOM amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo mababu ambiri amawala ndi kuzilala ka 100 pa sekondi. Maso sationetsa zimenezi, koma kamera yojambula `60fps` kapena `120fps` imagwira chithunzi china babu litawala, china litazilala. Mukachedwetsa, kanema amaphethira, kapena mizere yakuda imayenda kutsika. Majenereta nawo amachita chimodzimodzi. Jambulani masekondi asanu oyesera pamalo pomwepo, muwaonere pang'onopang'ono. Mukaona kuphethira, fufuzani ngati kamera ili ndi `50fps` kapena `Anti-flicker` yoti muike pa `50Hz`. Ngati ilibe, gawo lochedwetsa mulijambule panja.

Chomaliza, gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira m'nthiti, ndipo musamayende uku mukujambula gawo lomwe mukufuna kudzalisintha liwiro. Potenga kanema kwa mnzanu, mutengeni ndi chingwe, ndi memore khadi, kapena amutumize ngati `Document`. Kanema wotumizidwa mwa nthawi zonse pa WhatsApp amapanikizidwa, amakhala ndi timabokosi m'malo oyenda mofulumira, ndipo pulogalamu yopeka imatenga timabokosito ngati zinthu zenizeni n'kumatiyendetsanso.

Chitsanzo: masekondi 12 a azakhali

Tigwire ntchito pa kagawo kamodzi mu CapCut, pulogalamu yomwe achinyamata ambiri ali nayo kale m'mafoni. Mayina a mabatani amasinthako pang'ono malinga ndi mtundu womwe muli nawo, koma dongosolo ndi lomweli.

Kagawo kathu ndi ka masekondi 12, kojambulidwa panja pa `60fps`. M'masekondi asanu oyambirira azakhali akuvina kubwera kutsogolo. Pa sekondi 6 akweza mkono, ndipo pofika sekondi 8 ndalama zagwera m'lichero. Kuchokera apo mkwatibwi akumwetulira, amayi akuimba nthungululu, woyendetsa mwambo akulankhula.

Poyamba dulani kagawoka kuti kakhale pakokha. Ikani mzere woyera pomwe kakuyambira, dinani `Split`, muchitenso chimodzimodzi pomwe kakuthera. Izi n'zofunika chifukwa kabokosi kosinthira liwiro kamapanikiza kanema yense m'lifupi mwa sikirini. Mukalowetsamo kanema wa mphindi zitatu, chala chikangosuntha pang'ono mwalumpha masekondi angapo.

Kenako lekanitsani mawu ndi chithunzi podina `Extract audio`. Chitani izi musanakhudze liwiro. Mawu akatsalira m'kanema, nyimbo imakokeka pomwe mwachedwetsa ndipo imathamanga pomwe mwafulumizitsa, ng'oma n'kutaya kugunda kwake. Akakhala pa mzere wawokha, nyimbo imapitirira momwe inamvekera pa tsikulo.

Tsopano dinani kanemayo, musankhe `Speed`. Muona `Normal` ndi `Curve`. `Normal` imapatsa kagawo konse liwiro limodzi, ndipo mukaika tizigawo ta maliwiro osiyana moyandikana, kusinthako kumachitika mwadzidzidzi ngati foni yagwira. `Curve` ndiyo imalola liwiro kukwera ndi kutsika mwa pang'onopang'ono. Mulinso mapindidwe okonzeratu, monga `Montage`, `Hero` ndi `Bullet`, koma amenewo sadziwa kuti azakhali akuponya pa sekondi iti, ndipo ena amatsika kwambiri kuposa zomwe zithunzi zanu zingapirire. Sankhani `Custom`.

Mupeza mzere wokhala ndi timadontho. Kadontho kakakwera, kanema amathamanga, kakatsika amachedwa, ndipo pakati ndi `1x`, liwiro lachibadwa. Pali batani loonjezera kadontho, lomwe m'mitundu yambiri limalembedwa `Add beat`. Mufunika timadontho tisanu ndi tiwiri. Koyamba kakhale poyambira, pa `1x`. Kachiwiri pa sekondi 1, mukakweze kufika pa `2x`, ndipo kachitatu pa sekondi 5, nakonso pa `2x`. Kachinayi kakhale pa sekondi 6, pomwe mkono ukuyamba kukwera, mukatsitse kufika pa `0.5x`. Kachisanu pa sekondi 8, pa `0.5x` pomwepo. Kachisanu ndi chimodzi pa sekondi 9 kabwerere pa `1x`, ndipo komaliza kakhale kumapeto, pa `1x`.

Onani kuti pa `2x` ndi pa `0.5x` pali timadontho tiwiritiwiri tofanana msinkhu. Mukaika kamodzi kokha pansi, kanema amangotsika n'kukweranso nthawi yomweyo, osakhazikika pa chomwe mumafuna kuonetsa. Kusalala kwa kusinthako kumadalira mtunda wa pakati pa kadontho kam'mwamba ndi kam'munsi. Tikayandikana kwambiri, kusinthako kumadzidzimutsa. Tikatalikirana kwambiri, woonera amatopa kudikira. Pa kagawo ngati aka, theka la sekondi kufika sekondi imodzi ndi mtunda wabwino. Ndipo kutsikako kuthe mkono usanafike pachimake, kuti chinthu chofunikacho chipezeke chonse m'kati mwa gawo lochedwa.

Manambalawa sanasankhidwe mwachisawawa. Masekondi anayi oyenda pa `2x` amasanduka awiri, ndiye tapulumutsa awiri. Masekondi awiri a pa `0.5x` amasanduka anayi, ndiye tabweza awiri aja. Zotsetsereka zapakati nazo zimangotsala pang'ono kufafanizana. Pulogalamu imakuonetsani kutalika kwakale ndi kwatsopano, choncho sunthani kadontho kachitatu pang'ono kumanja kapena kumanzere mpaka kwatsopanoko kukhale masekondi 12. Mukatero, chithunzi chimatsogola mawu pakati pokha, pomwe palibe akulankhula, koma kuyambira sekondi 9 zimakumananso, ndipo milomo ya woyendetsa mwambo imagwirizana ndi mawu ake. Mukachedwetsa popanda kubweza nthawi motere, kanema yense wotsatira amatsalira kumbuyo kwa mawu ndi masekondi awiri, ndipo muyenera kudula mawuwo n'kuwasuntha pamanja.

Poti kagawoka ndi ka `60fps` ndipo sitinatsike kupyola `0.5x`, batani losalalitsa, lolembedwa `Smooth slow-mo` kapena `Make it smoother`, lisiyeni lozimitsa. Palibe mpata woti lidzaze. Potulutsa kanema, ikani `Frame rate` pa 30. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: akaika pa 60 poganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino, masekondi anayi aja amafuna zithunzi 240, ndipo mpata womwe anaupewa pojambula umabwereranso.

Nanga ngati kagawo komweka kanajambulidwa pa `30fps`? Timadontho tikhala momwemo, koma m'gawo lochedwa chithunzi chimodzi pa ziwiri zilizonse chikusowa. Apa ndiye muyatse batani losalalitsa. Pa foni mwina mufunsidwa kusankha pakati pa kufulumira ndi kukongola, pa kompyuta muona `Frame blending` ndi `Optical flow`, ndipo m'mitundu ina zimenezi ndi zolipira. Foni itenga nthawi ndipo itentha, choncho yambani batire ili ndi moto wokwanira. Ikamaliza, musathamangire kutumiza.

Pomwe kupeka kumalepherera

Perekaniperekani ndi mayeso ovuta kwambiri kwa pulogalamu yopeka, chifukwa pafupifupi zonse zomwe zimaisokoneza zimapezeka pamalo amodzi.

Tiyambe ndi ndalama zomwezo. Ndalama yapepala ikakhala m'malere imatembenuka. M'chithunzi choyamba ikuoneka nkhope yake yonse, m'chachiwiri yaima cham'mbali ngati kamzere, ndipo yasuntha mtunda woposa kukula kwake. Pulogalamu sizindikira kuti ndi chinthu chimodzi. Zotsatira zake, ndalamayo imazilala pamalo ena n'kutulukira pena, kapena imang'ambika pakati, kapena ziwiri zimaphatikana n'kulekananso. Zala za dzanja loponya zimachitanso chimodzimodzi: muimike kanema pa chithunzi chopekedwa, mupeza dzanja lili ndi zala zophatikana kapena zooneka kawiri.

Chachiwiri ndi kuphimbana. Munthu akadutsa kutsogolo kwa mkwatibwi, mbali ya nkhope yomwe ikuoneka m'chithunzi choyamba imakhala itabisika m'chachiwiri, ndipo mbali ina yomwe inabisika imatulukira. Pulogalamu ilibe pokopera mbali imeneyo, ndiye imakoka timadontho tapafupi kuti itseke dzenjelo. Chizindikiro chake ndi kamzere konjenjemera kozungulira munthu woyendayo, ngati mpweya wotentha, ndipo tsaya la mkwatibwi limakokekera ku phewa la wodutsayo.

Chachitatu ndi nsalu. Pa maukwati ambiri achibale amasoketsa nsalu yofanana, ndipo chitenje chimakhala ndi duwa kapena mzere wobwerezabwereza. Pulogalamu ikafufuza kuti duwa ili lapita kuti, imapeza maluwa ofanana angapo moyandikana, mwinanso pa nsalu ya mayi wina woima pambali. Ikasankha lolakwika, nsaluyo imaoneka ngati ikuwira. Mizere ya malata, mpanda wa bango, mkeka ndi masipoko a njinga ya kabaza yodutsa kumbuyo zimasokoneza mwa njira yomweyo. Velo ya mkwatibwi nayo ndi yovuta chifukwa imaonetsa za kuseri kwake, ndiye malo amodzi ali ndi zinthu ziwiri zoyenda mosiyana. Fumbi lomwe ovina manganje amautsa pomwe anamwali akutuluka, utsi wa kukhitchini ndi madzi othiridwa zili m'gulu lomweli.

Chachinayi ndi kusintha kwadzidzidzi kwa kuwala. Wojambula zithunzi akathwanimitsa kamera yake, chithunzi chimodzi chimayera chonse, ndipo zopekedwa za mbali zonse ziwiri zimatuluka zamawangamawanga. Chofanana ndi chimenechi chimachitika ngati m'kagawo kanu muli polumikizira, pomwe kanema akuchoka pa ovina n'kupita pa keke. Pulogalamu imayesa kusandutsa ovina kukhala keke. Dulani ndi `Split` pa polumikizirapo, ndipo musalalitse mbali iliyonse payokha. Mawu olembedwa, monga mayina a akwati ndi tsiku, muwaike pomaliza, chifukwa akakhala kale m'chithunzi amagwedezeka limodzi ndi zoyenda kumbuyo kwake.

Pomwe kupeka kumachita bwino ndi pa chinthu chimodzi chachikulu, choyenda modekha, kumbuyo kwake kuli khoma kapena thambo: mkwatibwi akutembenuza mutu, akwati akuyenda atagwirana manja, mphete ikulowa pa chala kamera ili chiimire. Pa zoterezi `0.5x` kuchokera pa `30fps` imatuluka bwino nthawi zambiri. Pa `0.25x` zolakwika zimayamba kuonekera ngakhale pa zinthu zosavuta, chifukwa diso limakhala nthawi yaitali pa zopekedwa kuposa pa zenizeni.

Kuyendera ndi kukonza

Onerani gawo lochedwalo kawiri. Koyamba lionereni lonse monga momwe achibale adzaonere. Kachiwiri tambasulani mzere wa kanema ndi zala ziwiri, muziukoka pang'onopang'ono, maso ali pa manja, m'mphepete mwa nkhope, pa nsalu ndi pa ndalama. Ngati muli ndi wailesi ya kanema pakhomo, yesaniponso pamenepo, poti zomwe zimabisika pa sikirini yaing'ono zimaonekera poyera pa yaikulu.

Mukapeza chopindika, njira yoyamba ndi kusuntha gawo lochedwa kuti ligwere pomwe zinthu zili zodekha. Chedwetsani pomwe mkono ukukwera ndipo azakhali akumwetulira, mubwerere pa `1x` ndalama zikamachoka m'dzanja, kenako muchedwetsenso pa nkhope ya mkwatibwi. Ndalama zouluka pa liwiro lachibadwa zimaoneka bwino kale. Njira yachiwiri ndi kusankha kusakaniza m'malo mwa kupeka, chifukwa mkono wooneka pawiri diso limaulandira ngati chimbuuzi cha kuyenda, pomwe nkhope yopindika siilandira. Njira yachitatu ndi `Freeze`, yomwe imaimika chithunzi chimodzi chenicheni kwa sekondi imodzi kapena masekondi awiri pachimake penipeni. Ndipo ngati kagawo konse mukufuna kangodekha pang'ono, kanema wa `30fps` mutha kumuika pa `0.8x` n'kumutulutsa pa 24, zithunzi zonse zili zenizeni.

Pali njira imodzi yofala yomwe sithandiza: kutulutsa kanema wochedwetsedwa, n'kumulowetsanso, n'kumuchedwetsanso. Ulendo wachiwiriwo pulogalamu imapeka kuchokera pa zopeka, ndiye chala chomwe chinapindika pang'ono chimapindikiratu, ndipo kupanikizidwa kwa potulutsa kumaonjezera timabokosi.

Za kufulumizitsa

Kufulumizitsa n'kosavuta chifukwa pulogalamu sipeka kanthu, imangotaya zithunzi. Pa kanema wa `30fps`, `2x` imatenga chimodzi n'kusiya chimodzi, `4x` imatenga chimodzi pa zinayi. Sankhani manambala athunthu otere, chifukwa pa `1.5x` kapena `1.7x` mipata ya pakati pa zithunzi imakhala yosafanana, ndipo kuyenda kumaoneka kotsimphina. Vuto lalikulu apa ndi kugwedera kwa dzanja la wojambula. Kugwedera komwe sikumadetsa nkhawa pa `1x` kumachititsa chizungulire pa `4x`. Ngati mukufuna kuonetsa mdipiti wa magalimoto pa msewu wa M3 kapena anthu akudzaza m'bwalo, tsamiritsani foni pa chinthu chosasuntha. Kanema akagwedera kale, yatsani `Stabilize`, podziwa kuti imadula pang'ono m'mphepete mwa chithunzi. Pa ovina musapyole `2x`, chifukwa kupitirira apo akuluakulu olemekezeka amaoneka moseketsa, ndipo si zomwe banja linapempha.

Chopekedwa si umboni

Malire omalizawa ndi ofunika kuposa ukwati. Pa mpira wa m'mudzi pakabuka mkangano wakuti mpira unadutsa mzere kapena ayi, wina amatulutsa foni n'kuchedwetsa kanema kuti anthu aone. Mpira wothamanga makilomita 72 pa ola umayenda mamita 20 pa sekondi, kutanthauza kuti pa `30fps` umasuntha masentimita pafupifupi 67 pakati pa chithunzi ndi chinzake. Utha kulowa, kugunda dzanja la goloboyi n'kubwerera kamera osaona. Pulogalamu yopeka ingoika mpirawo pakatikati pa malo awiri omwe inauona, ndipo chithunzi chimenecho chioneka chokhutiritsa ngakhale chili chabodza. N'chimodzimodzi ndi ngozi ya pa msewu kapena ndewu yomwe ikupita kwa amfumu kapena ku polisi.

Pa nkhani zotere zimitsani kusalalitsa kulikonse, muyende chithunzi ndi chithunzi pa kanema woyambirira, ndipo munene zokhazo zomwe zikuoneka m'zithunzi zenizenizo. Kanema woyambirirayo musamufufute mukamaliza kudula, kaya ndi wa mpira kaya wa ukwati. Musungeni pa memore khadi kapena pa kompyuta momwe anatulukira m'kamera, ndipo pa dzina lake mulembepo tsiku ndi nambala ya zithunzi zomwe anajambulira, kuti amene adzafune kumudulanso adziwe pomwe angachedwetse n'kulekeza.